Buledi wachuluka koma phindu latsika: mafunso ndi mayankho pa ndalama zokwera ngati masitepe

Mafunso awa ndi omwe abale athu ochita mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Joni amandifunsa mobwerezabwereza ndikamawathandiza kulemba mabuku a ndalama. Ena ndi matelala a ku Fordsburg ndi Mayfair, ena amaphika buledi ndi masikono cha ku Rosettenville ndi Turffontein, ena ali ndi malo otsukira magalimoto. Nkhani imayamba chimodzimodzi: maoda achuluka, ntchito ikugwiridwa mpaka usiku, koma mwezi ukatha ndalama yotsala ndi yochepa kuposa kale. Ndagwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chokha, bekale ya mayi wina, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala a bekaleyo ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti masamu asavute. Inu muikepo anu.

Kodi ndalama zokwera ngati masitepe ndi ziti?

Ndi ndalama zimene zimakhala pamodzimodzi kwa nthawi, kaya mwapanga katundu wochepa kaya wambiri, kenako zimalumpha kamodzi mukadutsa mlingo winawake, n'kukhazikikanso pamwamba pomwe zafikapo. M'mabuku a akaunti amazitchula kuti sitepu kositi.

Taganizani za tekisi imene mwachita hayala kuti inyamule anthu opita kumaliro. Imanyamula anthu 15. Akakwera asanu mulipira mtengo womwewo, akakwera 15 mulipiranso womwewo. Koma akabwera munthu wachi 16, simungamugulire kachidutswa ka tekisi. Muyitana tekisi ina yathunthu, ndipo mtengo wawirikiza chifukwa cha munthu mmodzi. Uvuni, makina osokera, chipinda cha lendi, wantchito wolipidwa pamwezi, galimoto yoperekera katundu, zonsezi zimagulidwa zathunthu ngati tekisi ija.

Zikusiyana bwanji ndi ndalama zosasintha komanso ndalama zotsata katundu?

Ndalama zotsata katundu zimakwera pang'onopang'ono ndi chinthu chilichonse chimene mwapanga. Pa bekale ndiye ufa, yisiti, shuga, mchere, mafuta ndi mapepala okulungira. Buledi mmodzi akawonjezereka, nazo zawonjezereka. Ndalama zosasintha ndi monga lendi: mwininyumba safunsa kuti mwaphika buledi angati.

Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti ndalama zosasinthazo sizosasintha mpaka kalekale. Lendi ndi yosasintha malinga ngati ntchito yanu ikukwana m'chipindamo. Tsiku limene mudzafune chipinda chachiwiri, lendi idzalumpha. Choncho pafupifupi ndalama iliyonse imene timaitcha yosasintha ndi sitepe, kungoti sitepe yake ndi yotakata moti timayendapo zaka osafika kumapeto kwake, n'kuiwala kuti mapeto alipo.

Nanga akamanena za chigawo chimene masamu amagwira, amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuchuluka kwa katundu, kuchokera apa kufika apo, kumene manambala anu amanena zoona. Ophunzira akaunti amachidziwa ndi dzina loti relevanti renji. M'kati mwa chigawocho, ndalama zosasintha zimakhaladi zosasintha, ndipo mtengo wa zipangizo pa chinthu chimodzi susuntha. Mukatuluka m'chigawocho, masamu akale aja mwawasiya kumbuyo.

Tiyeni tilowe m'bekale ija. Mayiyu ali ndi uvuni imodzi, antchito awiri, ndi baki imodzi yoperekera buledi m'masipaza. Amagulitsa buledi mmodzi R14. Zipangizo zonse pamodzi ndi magetsi a uvuni zimadya R9 pa buledi aliyense, ndiye buledi aliyense amasiya R5. Pamwezi amalipira lendi R9,000, antchito awiri R12,000, ngongole ya uvuni R3,000, baki ndi woyendetsa wake R8,000, ndi zina ndi zina R3,000. Zonse pamodzi R35,000.

Kuti alipire R35,000 imeneyi ndi ma R5 aja, ayenera kugulitsa buledi 7,000 pamwezi. Pamenepo sanapindule, sanaluze. Uvuni yake imatha kutulutsa buledi 400 patsiku, ndipo tikawerenga masiku 25 a ntchito, ndiye 10,000 pamwezi. Chigawo chake chikuthera pa 10,000 pomwepo. Munthu akamufunsa kuti apeza zingati akagulitsa 9,000, yankho ndi losavuta: R45,000 kuchotsapo R35,000, kutsala R10,000. Akamufunsa za 12,000, sangayankhe ndi masamu omwewa, chifukwa uvuni yotulutsa 12,000 alibe.

Ndingadziwe bwanji pamene chigawo changa chikuthera?

Osadalira zimene wogulitsa makina anakuuzani. Uvuni ya mayiyu imalowa buledi 60 nthawi imodzi, ndipo papepala munthu akhoza kunena kuti maulendo asanu ndi atatu patsiku, ndiye 480. Koma uvuni imafuna itenthe kaye. Pali nthawi yolowetsa ndi kutulutsa, pali kuyeretsa, pali buledi wopserera ndi wophwanyika. Amene amakwanitsadi ndi maulendo asanu ndi awiri, 420, ndipo ogulitsika ndi pafupifupi 400. Nambala yogwiritsa ntchito ndi imeneyo.

Njira yabwino ndi kuyang'ana m'kope lanu masabata amene munatanganidwa kwambiri koma osagwira ovataimu, osabweza kasitomala, katundu n'kutuluka wabwino. Mlingo umenewo ndiwo malire anu enieni. Zizindikiro zoti mwayandikira malire zimaoneka msanga manambala asananene: baki ikunyamuka mochedwa, buledi akukulungidwa asanazizire bwino, antchito akudyera choimirira, makina sakupeza tsiku lokonzedwa.

Malirewa amasunthanso. M'nyengo yozizira ya June ndi July, kuzizira kwa Joni kumachedwetsa mtanda kufufuma ngati mulibe kabati yofunditsira mtanda. Amene anali ndi bizinesi mu 2023 akukumbukira mmene kuzimazima kwa magetsi a Eskom kunadulira maola a ntchito. Uvuni inali yomweyo, koma buledi wotuluka patsiku anachepa, lendi osachepa.

Ndapeza oda yaikulu imene ikupitirira mphamvu za makina anga. Ndiwonjezere makina?

Ili ndiye funso lenileni, ndipo tiliyankhe ndi manambala. Mayi uja pakali pano akugulitsa buledi 9,500 pamwezi. Ma R5 ake akukwana R47,500, akachotsa R35,000 amatsala ndi R12,500. Kwabwera bambo wina wokhala ndi masipaza angapo, akufuna buledi 80 tsiku lililonse, ndiye 2,000 pamwezi. Zonse pamodzi 11,500. Mayiyu mumtima wawerenga kale: 2,000 kuchulukitsa ndi R5, phindu lawonjezereka ndi R10,000.

Koma uvuni ili ndi malo a buledi 500 okha otsala. Kuti aphike 1,500 enawo akufuna uvuni yachiwiri, ngongole yake R3,000 pamwezi. Akufuna wophika wina, R6,500. Uvuniyo sikwana m'chipinda chomwe alimo, ndiye atenge kachipinda koyandikana nako, R2,500. Sitepe yonse ndi R12,000 pamwezi, ndipo ndalama zosasintha zachoka pa R35,000 kufika pa R47,000.

Tsopano werengani. Buledi 11,500 akusiya R57,500. Kuchotsa R47,000, kwatsala R10,500. Wagulitsa buledi 2,000 owonjezera, wadzuka m'mamawa kuposa kale, koma phindu latsika ndi R2,000. Palibe amene wamubera. Oda yabweretsa R10,000, sitepe yadya R12,000.

Pali chinanso chimene chasintha mwakachetechete. Kale ankafunika buledi 7,000 kuti asaluze. Tsopano akufunika 9,400, chifukwa R47,000 kugawa ndi R5 ndi 9,400. Bambo wa masipaza uja akadzapeza wina wotchipa n'kuchoka, mayiyu adzabwerera pa 9,500 ake akale, koma phindu lake lidzakhala R500 yokha m'malo mwa R12,500. Oda ya pakamwa, yopanda pangano lolembedwa, si chinthu chokwerera sitepe.

Ndiye ndigulitse zingati kuti sitepeyo idzilipire yokha?

Tengani mtengo wa sitepe, muugawe ndi ndalama imene chinthu chimodzi chimasiya. Apa R12,000 kugawa ndi R5 ndi buledi 2,400. Amenewa ndi buledi ongolipira sitepe, osabweretsa kanthu m'thumba.

Funso lotsatira ndi lakuti 2,400 ameneyo muwonjezere pa chiyani. Mukamuwonjezera pa 9,500 amene akugulitsa lero, mupeza 11,900: pamenepo wabwerera pa phindu lake la lero. Koma ine ndimakonda kuyerekeza ndi zimene uvuni yakale ingathe kubweretsa itadzaza. Pa 10,000 phindu ndi R15,000 popanda kugula chilichonse. Kuti afike pa R15,000 yomweyo atakwera sitepe, ayenera kugulitsa 12,400. Choncho kuyambira 10,001 mpaka 12,400 ndi dera loipa: ntchito yambiri, ndalama yochepa poyerekeza ndi munthu amene wangodzaza uvuni imodzi n'kuima. Amene akudutsa m'derali adutse mothamanga, ali ndi makasitomala odziwika omufikitsa kutsidya. Kumanga msasa m'menemo ndiye kumene kumapha mabizinesi ooneka otanganidwa.

Kutsidyako zinthu zimakoma ndithu. Pa 15,000, ma R5 akukwana R75,000, phindu R28,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene uvuni imodzi ikanatha. Sitepe si mdani. Vuto ndi kuikwera makasitomala asanakwane.

Mauvuni awiri ndiye kuti chigawo chatsopano chikufika pa 20,000, si choncho?

Ayi, achimwene. Chigawo chimathera pa chinthu chimene chiyambe kudzaza, osati pa chimene mwangogula kumene. Baki ya mayiyu, poganizira makireti amene imanyamula ndi nthawi imene masipaza amafuna buledi afike m'mawa, imatha kupereka buledi 600 patsiku, ndiye 15,000 pamwezi. Mauvuni angathe 20,000, koma buledi wachi 15,001 alibe chokwera. Galimoto yachiwiri ndi woyendetsa wake ndi R8,000 ina, ndalama zosasintha zifika R55,000, ndipo pafunika buledi 1,600 ena kuti zimenezi zilipidwe. Dera loipa lachiwiri ndi 15,001 mpaka 16,600.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti alembe papepala chinthu chilichonse chokhala ndi malire, pambali pake alembe malirewo: uvuni, makina okandira mtanda, mashelefu oziziritsira, malo osungira ufa, galimoto, manja a antchito. Musaiwale magetsi. Mauvuni ambiri akuluakulu amafuna magetsi a mafezi atatu, ndipo ngati nyumbayo ili ndi fezi imodzi, kusintha kumafuna chilolezo cha mwininyumba, katswiri wa magetsi wovomerezeka, ndi pempho kwa amene amakupatsani magetsi, kaya ndi City Power kaya Eskom. Funsani zimenezi musanalipire dipoziti ya uvuni. Ndinaonapo uvuni yatsopano ili phee pakona ndi mapulasitiki ake, ngongole ikulipidwa mwezi ndi mwezi, mwiniwake akudikira magetsi.

Bwanji osangogwira ovataimu m'malo mogula uvuni?

Nthawi zambiri ndiyo nzeru yoyamba kuyesa. Buledi 1,500 opitirira malire aja ndi 60 patsiku, ulendo umodzi wokha wa uvuni. Tinene kuti ulendowo, kuphatikiza kukanda, kukulunga ndi kuyeretsa, ukutenga ola limodzi ndi theka kwa antchito onse awiri. Pamwezi ndi maola 75. Wantchito wa R6,000 pamwezi amalandira pafupifupi R31 pa ola, ndipo lamulo la ntchito la dziko lino la 1997 limati ovataimu ilipidwe kamodzi ndi theka, ndiye pafupifupi R46. Maola 75 akudya R3,450.

Phindu tsopano: R57,500 kuchotsa R35,000, kuchotsanso R3,450, kwatsala R19,050. Yerekezani ndi R10,500 ya uvuni yachiwiri. Oda yomweyo, kasitomala yemweyo, kusiyana R8,550 pamwezi. Ndipo bambo wa masipaza akachoka, ovataimu imatha tsiku lomwelo, pamene ngongole ya uvuni imatsala.

Taonani chimene chachitika ndi mtengo. Ovataimu yasandutsa sitepe kukhala ndalama yotsata katundu. Buledi aliyense wopitirira 10,000 akudya R9 ya zipangizo ndi R2.30 ya ovataimu, ndiye akusiya R2.70 m'malo mwa R5. Akusiya zochepa, koma palibe kulumpha.

Ovataimu nayo ili ndi malire ake. Lamulo lomwe lija limaika maola 45 pasabata ngati nthawi wamba ya ntchito, ndipo ovataimu isapitirire maola 10 pasabata, komanso wantchito ayenera kuvomera. Ola limodzi ndi theka kwa masiku asanu ndi limodzi ndi maola 9, zikukwana. Maulendo awiri owonjezera angafune maola 18, zimenezo lamulo silikulola. Kupatula lamulo, munthu wotopa amapsereza buledi, ndipo uvuni yosapuma imafa msanga. Choncho ovataimu yatambasula chigawo kufika cha pa 11,500, basi.

Izi zikusinthanso yankho la funso lapita lija. Ngati ovataimu ikutha kubweretsa R19,050, uvuni yachiwiri iyenera kuposa nambala imeneyo, osati R15,000. R47,000 kuphatikiza R19,050, kugawa ndi R5, ndi buledi 13,210. Mayiyu asagule uvuni kufikira ataona njira yooneka bwino yofikira pa 13,000 ndi kupitirira.

Pali njira zina zozembera sitepe?

Zilipo. Akhoza kugula buledi 1,500 otsalawo kwa mnzake wa bekale ina amene uvuni yake ili ndi malo. Atamugulitsa pa R12.50, buledi aliyense asiya R1.50, ndiye R2,250 pamwamba pa R15,000 ya uvuni yake yodzaza: R17,250. Ndi yochepa poyerekeza ndi ovataimu, koma ikuposa kugula uvuni. Choopsa chake ndi chakuti kakomedwe ka buledi sikali m'manja mwanu, ndipo mnzanuyo tsiku lina akhoza kupita yekha kwa kasitomala wanu.

Akhoza kuyambitsa shifiti yachiwiri pa uvuni yomweyo. Pamenepo sagula uvuni, satenga chipinda, koma akufunika antchito awiri atsopano chifukwa munthu sagwira yekha, ndiye sitepe ilipobe. Ngati shifitiyo ikugwa pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa, lamulo limaiwerenga ngati ntchito ya usiku: pamafunika alawansi kapena kuchepetsa maola, komanso pakhale mayendedwe oti antchito afikire kunyumba.

Njira imene anthu saikonda kuimva ndi kusankha makasitomala. Uvuni ikadzaza, malo aliwonse m'menemo ndi a mtengo. Ngati pali sipaza yakutali imene imatenga buledi khumi, kulipira mochedwa, n'kubwezanso otsala, mwina malo ake apatsidwe kwa wina. Kukweza mtengo pang'ono nakonso ndi yankho la uvuni yodzaza: masenti 50 pa buledi 10,000 ndi R5,000, popanda kuphika ngakhale mmodzi wowonjezera, malinga ngati makasitomala sathawa.

Ndinaphunzira kuti ukapanga zambiri mtengo wa chinthu chimodzi umatsika. Zimenezi n'zabodza?

N'zoona, koma m'kati mwa chigawo chimodzi. Pa buledi 7,000, R35,000 ija ikugawidwa R5 pa buledi aliyense, mtengo wonse R14. Pa 10,000 ikugawidwa R3.50, mtengo wonse R12.50. Mpaka apa watsikadi. Mukangodutsa malire ndi uvuni yachiwiri, pa 10,500, R47,000 ikugawidwa pafupifupi R4.48, mtengo wakwera kufika R13.48. Pa 11,500 uli R13.09, ukadali pamwamba pa R12.50 ija. Pa 15,000 ndi pamene wafika R12.13. Mukaujambula papepala umaoneka ngati mano a sowo: kutsika, kulumpha, kutsikanso.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutenga R12.50 ija ngati mtengo wa buledi nthawi zonse, n'kulonjeza kasitomala wamkulu R13 poganiza kuti pali phindu la masenti 50. M'chigawo cha uvuni imodzi, R12.50 ndi yoona pa 10,000 pokha. Pounika oda yatsopano, musagwiritse ntchito mtengo wogawidwawu. Funsani mafunso awiri: odayi ibweretsa ndalama zingati zonse, ndipo ndi ndalama ziti zimene ndidzalipire chifukwa cha iyo zimene sindikanalipira popanda iyo?

Kodi mtengo wa zipangizo nawo umasintha ndikadutsa malire?

Umatha kusintha, mbali zonse ziwiri. Wogula ufa wambiri nthawi imodzi amatha kuchotseredwa mtengo. Tinene kuti R9 ija yatsika kufika R8.60. Masenti 40 amenewo akugwira pa buledi onse, osati owonjezera okha, ndiye pa 13,000 ndi R5,200 pamwezi, gawo lalikulu ndithu la sitepe ya R12,000. Koma muwerengere kuchotseredwako pokhapokha wogulitsa ufa atakupatsani mtengowo, ndipo muone ngati muli ndi malo ouma osungira matumbawo.

Mbali inayo, wophika watsopano amawononga zambiri miyezi yoyamba, makasitomala atsopano amakhala kutali ndiye mafuta a galimoto amakwera, ndipo ogula zambiri amanenerera mtengo. Ngati bambo wa masipaza akufuna R13 m'malo mwa R14, buledi wake akusiya R4, ndiye sitepe ya R12,000 ikufuna buledi 3,000, osati 2,400.

Masitepe onse ndiwawerenge chonchi? Ngakhale makireti ndi mathireyi?

Ayi, mungatope pachabe. Kireti imodzi imanyamula buledi ochepa ndipo mtengo wake ndi wochepa. Ndi sitepe ndithu, koma kakang'ono moti mukayang'ana mwezi wonse, timasitepe timeneti timaoneka ngati chitunda chosalala. Ziwerengeni ngati ndalama zotsata katundu. Waganyu wolipidwa patsiku naye ali pafupi ndi gulu limeneli. Sitepe yoyenera kuikhalira pansi ndi imene ili yaikulu poyerekeza ndi phindu lanu la pamwezi, ndiponso yovuta kuibweza.

Malonda akatsika, kodi ndalama zimatsikanso pa sitepe yomwe ija?

Sizitsika msanga. Kukwera kumatenga sabata, kutsika kumatenga miyezi. Chipinda munasainira lizi ya chaka kapena kuposerapo. Ngongole ya uvuni ili ndi nthawi yake, ndipo uvuni yogwiritsidwapo ntchito sigulitsidwa pa mtengo womwe munagulira. Wantchito sangachotsedwe lero ndi lero: amene wagwira kosapitirira miyezi isanu ndi umodzi amapatsidwa notisi ya sabata imodzi, wopitirira pamenepo mpaka chaka masabata awiri, wa chaka kapena kuposa masabata anayi. Wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa amayeneranso kulandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene wagwira, ndipo pali ndondomeko yokambirana naye imene ikalumphidwa nkhani imakathera ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Komanso tisanamizane, ambiri timalemba ntchito mwana wa achemwali kapena munthu wakumudzi kwathu, ndipo kumuuza kuti ntchito yatha kumamveka mpaka ku Mangochi.

Choncho musayeze kufunika kwa sitepe ndi mwezi umodzi wabwino. Ngati kasitomala wanu wamkulu ali pafupi ndi sukulu kapena fakitale, kumbukirani kuti mu December masukulu amatseka, mafakitale ambiri amatseka, ndipo anthu amabalalika kupita kwawo. Werengani chaka chonse, miyezi yowuma ndi yonona pamodzi.

Pali masitepe ochokera ku boma?

Alipo, ndipo amayendera kukula kwa bizinesi osati mphamvu za makina. Wantchito aliyense watsopano amabwera ndi UIF, inshuwaransi ya anthu otha ntchito: 1 peresenti yochokera kwa inu ndi 1 peresenti yodulidwa pa malipiro ake. Malipiro onse a antchito akamapitirira R500,000 pachaka, pamabwera msonkho wa maphunziro a ntchito wa 1 peresenti. Waukulu ndi VAT ya 15 peresenti: malonda a miyezi 12 akadutsa malire amene boma linaika, kulembetsa ku SARS, bungwe lotolera misonkho, kumakhala kokakamiza. Kuyambira 2009, kwa zaka zambiri, malirewo anali R1 miliyoni, ndipo chifukwa amatha kusinthidwa mu bajeti, tengani nambala ya chaka chino kwa SARS. Kwa ophika buledi pali kanthu kena: buledi wa bulauni amalipiritsidwa VAT ya ziro, pamene woyera amalipiritsidwa yonse. Manambala a m'chitsanzo chathu onse alibe VAT.

Ndinatenga mwezi wotsika ndi mwezi wokwera kuti ndipeze mtengo wa chinthu chimodzi, koma yankho likuoneka lachilendo. Ndalakwitsa pati?

Mwina miyezi iwiriyo ili m'zigawo zosiyana. Njira imeneyi imatenga kusiyana kwa ndalama zonse, n'kugawa ndi kusiyana kwa katundu, poganiza kuti ndalama zosasintha zinali zofanana miyezi yonse iwiri. Tiyese pa bekale. Mwezi wa buledi 8,000, uvuni ikadali imodzi, ndalama zonse zinali R72,000 ndi R35,000, pamodzi R107,000. Mwezi wa 13,000, mauvuni ali awiri, zinali R117,000 ndi R47,000, pamodzi R164,000. Kusiyana ndi R57,000 pa buledi 5,000, ndiye R11.40 pa buledi mmodzi, ndipo ndalama zosasintha zikuoneka ngati R15,800. Manambala onse awiri ndi abodza. Sitepe ya R12,000 yabisala m'kati mwa mtengo wa buledi.

Chizindikiro chake ndi chimenecho: mtengo wotuluka m'masamu ukusiyana kwambiri ndi umene mumapeza mukawerenga ufa, yisiti ndi mapepala a buledi mmodzi. Kukonza kwake, chotsani R12,000 pa mwezi wokwerawo musanagawe. Kwatsala R45,000 pa 5,000, R9 yabwerera. Kapena sankhani miyezi iwiri ya m'chigawo chimodzi.

Ndingaziike bwanji mu Excel kuti ndizingosintha manambala?

Mu A2 lembani kuchuluka kwa buledi. Mu B2 ikani ndalama zosasintha, mu C2 phindu:

```
B2: =IF(A2<=10000,35000,IF(A2<=15000,47000,55000))
C2: =A2*5-B2
```

Kokerani mizereyi pansi, mu A muziwonjezera 500 mzere uliwonse kuyambira 7,000 mpaka 18,000, ndipo muona phindu likukwera, kugwa pambuyo pa 10,000, kukweranso, kugwanso pambuyo pa 15,000. Makompyuta ena okonzedwa mwa kuno amakana makoma m'fomula, ndiye ikakana, sinthani makomawo ndi `;`. Musapitirire 20,000, chifukwa pamenepo mauvuni awiri adzaza ndipo fomulayi sikudziwa za yachitatu. Onjezani danga lina la ovataimu, lochotsa R2.30 pa buledi aliyense wa pakati pa 10,000 ndi 11,500 ndalama zosasintha zili pa R35,000, kuti njira ziwirizo zionekere pambali ndi pambali.